Usiku wa mdima ku Luchenza

Magetsi anathima 7 koloko madzulo dziko lonse, ku Luchenza kunangotsala matochi a mafoni basi. Achimwene anga ali pa shifiti ku siteshoni yopanga magetsi ya pa Shire, akuti anayamba ndi jenereta ya dizilo kuti mapampu a oyilo ndi mageti a madzi agwire kaye, kenako makina amodzi opanga magetsi anazungulira mpaka kufika pa liwiro loyenera la 50Hz.

"Bwana, tilumikize Blantyre yonse?" anafunsa mnyamata watsopano.

"Iwe, ukufuna tigwenso? Fida imodzi imodzi," anayankha achimwene, kunena malaini opititsa magetsi kumadera.

Anapatsa moto laini ya 132kV, kuwonjezera madera olandira magetsi pang'onopang'ono uku maso ali pa mita, makina achiwiri mpaka agwirizane kaye ndi oyamba, zinthu zosafuna phuma izi. Thyolo inayaka cha m'ma 2 koloko, ife tili mtulo, wailesi yomwe tinaiwala kuzimitsa ndi imene inatidzutsa.