Fomu ya Ajenda ndi Maminitsi a Komiti ya Kalabu Yathu ya Alimi a Mtedza, Kamwendo, Mchinji

MAWU A MLEMBI KWA ODZAZA FOMUYI

Fomuyi ndi ya PDF yolembamo, ndipo ili ndi masamba awiri. Tsamba loyamba ndi ajenda, limadzazidwa msonkhano usanachitike n'kutumizidwa pagulu lathu la WhatsApp kutatsala masiku atatu. Lachiwiri ndi maminitsi. Musalembe fomuyi ili m'kati mwa WhatsApp, chifukwa pamafoni ena mabokosi salola kulembamo. Itsitseni kaye, muitsegule ndi Adobe Acrobat Reader, mudine bokosi, kenako mulembe. Mukamaliza musunge ndi dzina latsopano kuti yosalembamo ija isatayike, motere:

```
maminitsi-2025-06-14.pdf
```

Chimene ndikupempha kwambiri n'chimodzi. Pa mfundo iliyonse lembani chimene tagwirizana, munthu amene achite, ndi tsiku lomalizira. Chaka chatha tinakangana misonkhano iwiri yathunthu pa ndalama zobwerekera sikelo, chifukwa m'kope munangolembedwa kuti "nkhani ya sikelo yakambidwa". Kope lija linadzanyowanso ndi mvula, masamba ena n'kumatana. Amene alibe foni yotsegula PDF aziwerengeredwa pepala losindikiza, limene lizikhala ndi wapampando.

TSAMBA 1: AJENDA

Mtundu wa msonkhano: wa komiti, wa mwezi ndi mwezi
Tsiku: Loweruka, 14 Juni 2025
Nthawi: 2 koloko masana
Malo: pakhonde la nyumba yosungiramo zokolola
Wotsogolera: wapampando
Wolemba: mlembi

1. Pemphero ndi mawu otsegulira
2. Kuitana mayina ndi opepesa
3. Kuwerenga maminitsi a pa 10 Meyi 2025
4. Zochokera m'maminitsiwo
5. Lipoti la msungichuma
6. Kuumitsa ndi kuswa mtedza: nkhani ya chuku
7. Kugulitsa pamodzi ndi sikelo
8. Zina ndi zina
9. Tsiku la msonkhano wotsatira ndi pemphero lotsekera

Nkhani ya "zina ndi zina" iperekedwe kwa mlembi pemphero lisanayambe. Yobwera mochedwa idikira mwezi wamawa.

TSAMBA 2: MAMINITSI

1. Kutsegulira

Msonkhano unayamba 2:20 masana. Anapemphera ndi wachiwiri kwa wapampando.

2. Opezekapo

☒ Wapampando
☒ Wachiwiri kwa wapampando
☒ Mlembi
☒ Msungichuma
☒ Membala woyang'anira nyumba yosungiramo zokolola
☒ Membala woyimira achinyamata
Opepesa: wachiwiri kwa mlembi, ali kuchipatala ndi mwana.
Mlendo: alangizi a zaulimi a dera lino.
Anafika 6 mwa 7, choncho komiti inali ndi mphamvu yomanga mfundo.

3. Maminitsi a msonkhano wapita

Anawerengedwa mokweza. Panakonzedwa chimodzi: matumba amene tinagwirizana kugula ndi 40, osati 14 monga zinalembedwera. Wopereka ganizo loti avomerezedwe: msungichuma. Wothirira ndemanga: woyimira achinyamata. ☒ Avomerezedwa.

4. Zochokera m'maminitsi

Matumba 40 agulidwa. Denga silinakonzedwe, lata lakumpoto likudonthabe mame pakona pomwe timasanja matumba. Woyang'anira nyumbayo akhoma misomali yatsopano pofika 21 Juni.

5. Lipoti la msungichuma

Zotsala mwezi watha: K186,000
Msonkho wa Meyi, mamembala 21 pa K2,000 aliyense: K42,000
Zindapusa za ochedwa: K3,000
Zonse pamodzi: K231,000
Matumba 40 pa K1,200: K48,000
Kabaza wonyamula matumbawo: K6,000
Kusindikiza mafomu: K2,000
Zonse zotuluka: K56,000
Zotsala lero: K175,000, ndipo K150,000 ili pafoni ya kalabu, K25,000 ili m'manja.

Ndalama za m'manja zinawerengedwa patebulo onse akuona, ndipo uthenga wa ndalama za pafoni unasonyezedwa kwa wapampando. Malisiti alipo awiri. A kabaza sapereka lisiti, ndiye anasayina m'kope la msungichuma. Mamembala 3 mwa 24 sanapereke msonkho. Komiti inakana kuwatchula mayina pagulu la WhatsApp. Wachiwiri kwa wapampando awayendera kunyumba pofika 28 Juni.

6. Kuumitsa ndi kuswa mtedza

Apa ndi pamene tinakhalitsa, pafupifupi ola lathunthu. Woyang'anira nyumba yosungiramo zokolola anabweretsa mbale ya mtedza wa CG7 wochokera m'matumba awiri amene alowa kale. Atauthira palichero, wina unali wokwinyika, wina uli ndi ufa wobiriwira pamphuno, ndipo wina ukuwawa ukaulawa. Anati matumba onse awiri anali ozizira m'kati ngati anagona panja.

Alangizi anafotokoza kuti chuku chimenechi ndi chimene chimabweretsa poizoni wa afulatokisini, amene satha ngakhale mtedza ukazingidwe kapena kusinjidwa, ndipo amawononga chiwindi. Anati gwero lalikulu kwathu kuno ndi chizolowezi chowaza madzi pamakoko kuti afewe poswa, komanso kuyanika padothi. Analimbikitsa kuunjika mtedza m'munda mwa njira ya Mandela koko, makoko ali m'kati masamba kunja, mpaka uume bwino usanathotholedwe. Wouma bwino umalira ukaugwedeza m'khoko.

Msungichuma anati zoona n'zoona, koma amene amaswa ndi amayi ndi ana, ndipo khoko louma limang'amba zala. Munthu sangaswe matumba asanu osanyowetsa popanda chomuthandiza. Ena anati tingoletsa basi. Wapampando anayankha kuti lamulo lopanda chida anthu adzaliphwanya usiku, ndipo komiti inaona kuti mawuwa ndi omveka.

Zogwirizana: mtedza wonyowetsedwa sulowa m'nyumba ya kalabu. Thumba lililonse lizitsegulidwa pakhomo pali anthu awiri a komiti, ndipo matumba azisanjidwa pamitengo, osakhudza pansi kapena khoma. Matumba awiri aja abwezedwe kwa eni ake kuti akasankhe, ndipo awuzidwe mwaulemu kuti wosankhidwamo asakasinjire ndiwo kapena phala la ana. Woyimira achinyamata afufuze mtengo wobwerekera makina oswera a pamanja, abweretse yankho Lachitatu, 18 Juni.
Mavoti: ovomera 6, okana 0.

7. Kugulitsa pamodzi ndi sikelo

Mavenda ayamba kale kulowa m'midzi, ndipo mamembala ena agulitsako pang'ono chifukwa cha fizi ndi sopo. Komiti sikuwadzudzula. Ikupempha kuti aliyense asunge matumba osachepera awiri a makilogalamu 50 oti tigulitse limodzi. Sitigulitsa pansi pa mtengo woyambira umene Unduna wa Zaulimi walengeza chaka chino, ndipo mlembi aulemba pachitseko. Poyeza tigwiritsa ntchito sikelo yokhala ndi chidindo cha Malawi Bureau of Standards. Wapampando anafuna kuti tigule yathu, koma ambiri anati ndalama zidikire makina oswera.
Mavoti pa kugula sikelo tsopano: ovomera 2, okana 4. Chaka chino tibwereka. Wobwereka ndi wapampando, pofika 28 Juni, ndipo ndalama zisapitirire K15,000.

8. Zina ndi zina

Chipepeso cha K10,000 chipite kwa membala amene anaferedwa mayi ake sabata yatha. Akapereka ndi msungichuma ndi mlembi mawa tikaweruka kutchalitchi.

9. Kutseka

Msonkhano wotsatira: Loweruka, 12 Julayi 2025, 2 koloko masana, malo omwewa. Anatseka ndi pemphero msungichuma, nthawi ili 4:35 madzulo.

Walemba: mlembi, 14 Juni 2025
Waona ndi kulola kuti atumizidwe kwa a komiti: wapampando, 15 Juni 2025
Maminitsiwa adzasayinidwa papepala akadzavomerezedwa pa 12 Julayi.