Kuyankha a Fatsani: kodi ndi obwera amene akugwetsa mtengo wa ganyu?

A Fatsani, zikomo poyambitsa nkhaniyi. Mwanena kuti anthu obwera ku Chikwawa ndi ku Nsanje kudzafuna ntchito ndi amene akutsitsa malipiro a ganyu, poti manja akachuluka mtengo umagwa. Mfundoyo payokha sindikuikana. Pomwe ndikukayika ndi pakuti mwaika ntchito zonse za m'chigwa muno m'dengu limodzi.

Taonani miyezi. Kudula nzimbe ku Nchalo kumachitika nyengo yopanda mvula, kuyambira cha mu Epulo mpaka cha mu Novembala, ndipo apa m'pamene obwera amachuluka. Koma ganyu wopalira amatchipa mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitauma. Amene amapikisana pa ndime imodzi nthawi imeneyo ndi anthu a m'mudzi momwemo, ena atasiya minda yawo ili thengo kuti apeze ufa wa tsikulo. Wanjala sanenerera mtengo.

Kayezedwe kanu nakonso kali ndi vuto. Mwayerekeza ndalama za pa tsiku, chonsecho ganyu ambiri amagwirizana pa ndime kapena pa mizere, ndipo ena amalandira chimanga kapena ufa. Tiyerekeze kuti ndime ndi K3,000 ndipo chimanga chili pa K600 pa kilogalamu: munthu wapata makilogalamu 5. Chimanga chikafika pa K1,000, ndime yomweyo yatsala makilogalamu 3, popanda mlendo ngakhale mmodzi kuponda m'mudzimo. Ndiye lembani zinthu zitatu pamodzi: kukula kwa ndime, mtengo wa chimanga pa msika wa Ngabu kapena Bangula sabata imeneyo, ndi mwezi wake. Mukasiyapo chimodzi, kukwera kwa zinthu muziyesa ndi vuto la obwera.

Komanso "obwera" ndi ati? Banja lochokera ku Makhanga limene linasamuka chifukwa cha madzi osefukira a 2015 kapena namondwe wa Freddy mu 2023 silinakopeke ndi malipiro. N'losiyana ndi mnyamata wotsika ku Thyolo kudzadula nzimbe. Kalembera wa 2018 amene mwadalira anachitika mu Seputembala, choncho sangationetse amene amabwera n'kubwerera chaka chisanathe. Ndipo simunawerengere otuluka, opita ku Blantyre, ku Joni kapena kuoloka pa Marka kukagwira ganyu ku Mozambique.

Pomwe ndikugwirizana nanu ndi pa madimba. Madzi akaphwa m'mbali mwa Shire ndi ku Elephant Marsh, anthu amakhamukirako, ndipo n'zomveka kuti lendi ya malo ikwere. Koma apo obwerawo akukweza mtengo wa malo, zomwe ndi nkhani ina.

Funso langa ndi ili: mitengo ya ganyu imene mwatchula munaitola mwezi uti, ndipo munafunsa olemba ganyu kapena ogwira?