Zomwe tamanga pa nkhani ya chiliza cha agogo

Malume, azakhali, achimwene ndi achemwali nonse, takambirana mokwanira. Mauthenga achulukitsa moti ena akundiimbira kufunsa tsiku lenileni, ndiye zonse ndaziika pamodzi pano.

Tivundukula chiliza cha agogo Loweruka pa 16 Ogasiti, kumudzi ku Lizulu. Za pa 9 zija taziika pambali chifukwa achimwene Yohane sangafike kuchokera ku Joni tsikulo lisanakwane, ndipo malume anenetsa kuti mwambo usachitike mdzukulu woyamba palibe. Tikumana pakhomo pa azakhali 8 koloko m'mawa, 9 koloko tilowera kumanda. Mfumu ndi adzukulu adziwitsidwa ndi malume, ndipo ndi iwonso akatenge abusa.

Ife a ku Lilongwe tinyamuka Lachisanu 2 koloko masana pa galimoto ya alamu a Phiri. Malo otsala ndi awiri okha. Otsalawo mukwere minibasi ku depoti, mutsike pamsika wa Lizulu, Chikondi adzakuchingamirani.

Chopereka ndi K40,000 banja lililonse, ifike kwa achemwali a Esinati pofika pa 2 Ogasiti, pa Mpamba kapena Airtel Money. Mukatumiza muwauze, chifukwa ena mumatumizira pa nambala za ana ndiye dzina limabwera lachilendo. Amene zavuta lankhulani nawo pambali, palibe amene achotsedwe pamwambo chifukwa cha ndalama.

Mmisiri ayamba ntchito pa 4 kuti simenti iume bwino. Matumba a simenti asanu ndi limodzi agula ndi achimwene Yohane, mchenga ndi njerwa atuta ndi anyamata a kumudzi moyang'aniridwa ndi Chikondi. Mwala ndikatenga ndine. Ndapita kukauona dzulo, ndapeza atalemba kale ndi choko asanayambe kusema, koma chaka chobadwa anaika 1944. Ndawakonzetsa. Mu chiphaso cha ubatizo chimene agogo ankasunga m'Baibulo lawo lija muli 1941, ndipo pamwala pakhala 1941 mpaka 2023. Azakhali, vesi ndi lomwe munasankha lija, Masalimo 23:1.

Kumbali ya chakudya, ufa ndi thobwa ndi za azakhali, chimera aviika kale. Mbuzi ziwiri agula malume. Kabichi, tomato, anyezi ndi kachewere tigula pamsika pomwepo Lachisanu madzulo, musavutike kunyamula kuchokera m'tauni. Mpunga, mafuta, mchere ndi shuga ndi za achemwali a Esinati. Miphika ikuluikulu tibwereka kwa amayi a Mvano, ndipo Tiyamike aonetsetse kuti yabwezedwa yotsuka tsiku lomwelo.

Nkhani ya nsalu yofanana taisiya, aliyense avale zomwe ali nazo. Koma tengani zofunda, ku Ntcheu m'mawa kumazizira.

Ngati ndalakwitsa penapake ndiimbireni ineyo mwachindunji, tisayambirenso pano. Amene mwaona dzina lanu ingoyankhani kuti "ndamva" pofika mawa madzulo.

Ine wanu,
Mphatso