Malire a mtima wanu

Mnzanga wokondedwa,

Loweruka lija munavomera kusamutsa katundu wa msuweni wanu mutagwira kale ntchito mlungu wonse, ndipo madzulo munandiuza ndi mkwiyo kuti anthu amakudyerani masuku pamutu. Koma iye anangopempha. Amene ananena kuti inde ndinuyo.

Malire a m'maganizo ndi kudziwa pamene udindo wanu ukuthera ndi pamene wa mnzanu ukuyambira. Kukhumudwa kwa munthu amene mwamukanira mwaulemu ndi katundu wake, osati wanu. Mukavomera chifukwa choopa kuoneka oipa mtima, mumayembekezera chiyamiko chimene winayo sakudziwa n'komwe kuti mukuchifuna, ndipo m'pamene chakukhosi chimamera.

Wina akadzakupemphaninso, mudzayambe mwanena kuti, "Ndikuyankhani mawa."