Yankho pa Pempho Lopikisana Nawo pa Tenda Yomanga Mlatho

Kwa Wapampando,
Komiti Yoona za Matenda

Okondedwa Bwana Wapampando,

Talandira kalata yanu ya sabata yatha yotipempha kuti tipikisane nawo pa tenda yomanga mlatho wa mamita 40 pamsewu wopita ku chipatala chanu. Zikomo kwambiri potikumbukira. Tikudziwa kuti mwatiganizira chifukwa cha nyumba za anamwino zimene tinakumangirani zija, ndipo chikhulupiriro chimenechi sitikuchitenga mopepuka. Komabe, titakhala pansi ndi kukambirana, tagwirizana kuti tisapereke mtengo wathu pa ntchito imeneyi.

Chifukwa chake ndi chimodzi basi: kumanga milatho si ntchito yathu. Ife timamanga nyumba, makalasi ndi mosungiramo katundu. Ntchito ya pamadzi imene tinagwirapo ndi makalavati ang'onoang'ono okha.

Sitinafune kukana tili muofesi. Lachiwiri ndinapita ndekha kumtsinjeko pamodzi ndi injiniya wathu. Tinaona zinyalala zimene madzi osefukira anasiya m'nthambi za mitengo, pamwamba kuposa msinkhu wa munthu. Titazika chitsulo pakati pa mtsinje, chinangolowa mumchenga osagunda thanthwe. Pamalo otere, mizati imafunika kukhala pa maziko okhomedwa pansi kwambiri, nthaka itayezedwa kaye, chifukwa madzi akathamanga amakokolola mchenga kuzungulira mzati mpaka mlatho n'kutitimira. Makina okhomera maziko oterowo tilibe, kireni yonyamulira mitanda tilibe, ndipo pakati pathu palibe amene anayang'anirapo ntchito yotere kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Zikalata zanunso zikufuna umboni wa milatho iwiri yofanana ndi umenewu. Ife tilibe ngakhale umodzi.

Ena mwa anzanga anati tikhoza kutenga kontrakitiyi n'kulemba ganyu kampani ina yodziwa milatho. Ndakana. Tikanangokhala mkhalapakati wokweza mtengo, n'kumasainira ntchito imene sitingathe kuiweruza ngati yagwiridwa bwino. Khoma la nyumba likapindika ndimaliona ndi maso, timagumula n'kuyambanso. Cholakwika cha pansi pa mzati chimabisala mpaka tsiku limene mtsinje wadzaza, mwina ambulansi ili pamwamba. Zimenezo sindingazisenze.

Takuyankhani msanga kuti mupeze mpata woitana kampani ina tsiku lotsekera lisanafike. Ngati mungalole langizo langa, apempheni opikisanawo akuonetseni milatho imene anamanga ndipo yapirira mvula ya zaka zingapo, kenako mukaione nokha ndi kuyang'ana bwino patsinde pa mizati.

Zikalata zonse za tendayi tazibweza pamodzi ndi kalatayi, ndipo sitinaonetse wina aliyense zimene zili m'menemo. Chonde musatichotse pamndandanda wanu. Mukadzayamba ntchito yokuza chipinda cha amayi oyembekezera imene munaitchula ija, tidzapikisana nawo ndi mtima wonse.

Ine wanu,

Mkulu Woyendetsa Kampani