Kwa amene munalibe pa mitingi ya aphunzitsi ya Lachisanu pa 7 Malichi

Mwaswera bwanji nonse. Maminitsi onse ndi masamba anayi ali mu ofesi ya ahedi, koma ndikudziwa simukawerenga ndiye nazi zomwe tinamanga basi.

Moko ya sitandade 8 iyamba Lolemba pa 24 Malichi, ndi ya zoni yonse. Aliyense wophunzitsa sitandade 8 apereke mafunso ake limodzi ndi mayankho kwa adepute pofika Lachitatu pa 12, iwo akasiya ku TDC pa 14. Chonde atsatire kalembedwe ka MANEB osati kungokopera mapepala akale, ana anawaloweza kale amene aja.

Makalasi a m'mawa a sitandade 8 yomweyo ayamba Lolemba pa 10, 6 koloko mpaka nthawi ya asembule. Apa panali mkangano ndithu, ena amati makolo azisonkha kangachepe ka sopo koma ahedi anakanitsitsa ndipo tinamanga kuti mwana aliyense alowa ulere, asapezeke wina akutolera ndalama m'kalasi. Ndandanda wa amene aziphunzitsa tsiku liti akonza asinya titcha, ukhala utamatidwa mu sitafu rumu Lolemba lomwelo.

Nkhani ya chimbudzi cha atsikana chomwe chinagwa ndi mvula chija ndi yomwe inatidyera nthawi. Timanga china ndi ndalama za SIG, koma osayamba kukumba pano dothi likadali lonyowa chingagwenso. Amsungichuma ndi atcheya a komiti ya sukulu abweretse makoteshoni atatu a simenti ndi malata pofika pa 21 Malichi. Njerwa ndi mchenga ndi za makolo, ahedi alembera kalata mafumu sabata ino. Pakadali pano zimbudzi ziwiri zakumapeto za anyamata zapita kwa atsikana, muwauze ana m'makalasi mwanu Lolemba asakakanganeko kumeneko.

Madamu a 5B, munalibe koma ntchito inakugwerani, pepani, anthu anati inu ndi amene mumamvana bwino ndi amayi a Mother Group. Aphunzitsi onse akupatsani mayina a ana amene ajomba masiku opitirira asanu teremu ino pofika pa 14, inu mukawapereke kwa amayiwo pa 17 kuti ayambe kuyenda m'makomo. Ndiye marejisitala akhale odzaza anzanga, osati kuchonga sabata yonse tsiku limodzi. Ngati sizitheka madamu, onanani ndi ahedi Lachiwiri lisanadutse apeze wina.

Zokweza ndalama ya welofeya kuchoka pa K3,000 kufika pa K5,000 pamwezi sitinamange, tinali ochepa ndipo ndalama ndi za tonse. Tidzavota pa mitingi ya pa 28 Malichi, 1 koloko masana. Amene ali ndi ngongole ya Febuluwale alipire kwa amsungichuma tsikulo lisanafike.

Ndine mlembi wanu.