Anabanda, Mayi wa Sitandade 1

(Yolakatulidwa ndi wophunzira wawo wakale pamwambo wotsanzikana ndi Mayi Elida Banda, Anabanda, amene aphunzitsa kuyambira 1988 mpaka 2024 pasukulu yathu ya pulaimale, kufupi ndi Chia, m'boma la Nkhotakota)

Gogo chalo, ndapota nanu, ndibwerekeni bwaloli.
Akuluakulu a maphunziro, a komiti, abusa ndi mashehe,
Lero sinditamanda Jumbe wa ku Linga,
Sinditamanda mkuyu umene anakhalapo Livingstone,
Amenewo ali nawo kale owalemba m'mabuku.
Ine ndadza ndi dzina la mayi wovala chilundu uyo,
Wakhala pampando wapakati, akuyang'ana pansi ndi manyazi.

Anabanda! Dzutsani nkhope, tikuoneni.
Mgwiradzanja, inu munagwira tizala tathu tonona usipa
N'kutiyendetsa pamchenga mpaka chilembo cha a chinaoneka.
Mpukutamamina, mtonthozi wa olira m'mawa wotsegulira,
Woweruza milandu ya pensulo yobedwa,
Mwini kalasi imene aphunzitsi ena amaithawa.

Zotsatira za Sitandade 8 zikatuluka,
Nthungululu zimapita kwa wophunzitsa Sitandade 8.
Nkhuku amalandira ndi iyeyo, mpunga wa kilombero ndi iyeyo.
Sindikumuchitira nsanje, ntchito amagwira,
Koma ndifunse: mwana amene walemba mayesowo
Anamuuza ndani kuti cholembera sagwira ngati mpeni wotumbulira chambo?
Anamuuza ndani kuti b ayang'ana kuno, d ayang'ana uko?

Munafika mu 1988 kuchokera ku koleji ya aphunzitsi ku Lilongwe,
Ndi sutukesi imodzi, mphasa ndi mbaula.
Anthu anati, uyu wa kumtunda, kondowole amuthamangitsa,
Akapanda kondowole, malungo. Akapanda malungo, mwera.
Kondowole munamuzolowera, lero mumakanda kuposa eni dziko.
Mwera wawomba zaka 36, mabwato wagubuduza,
Inu belu la chitsulo cha galimoto likamalira pamtengo wa mango
Munali mutasesa kale pakhomo pa kalasi.

Tinkabwera opanda chiphaso chobadwira.
Mumvekere, "Kweza dzanja, lidutse pamutu, gwira khutu."
Wolephera kugwira khutu ankabwerera akulira,
Inu n'kumunong'oneza, "Ukadye nsima yambiri, chaka chamawa ndikudikira."
Ndipo chaka chamawacho munkamudziwa ndi dzina.

Ndikumbutse 1994, alipo pano amene anaiona.
Boma litachotsa fizi ku pulaimale,
Ana oposa miliyoni imodzi anakhamukira m'sukulu dziko lonse,
Kuno anatuluka m'madambo a mpunga, m'magowelo, m'madooko,
Ena ndevu zikumera, ena atabereka mng'ono kumsana.
Kalasi inasefukira, munatitengera pansi pa mtengo,
Bolodi mutalikoleka pamsomali, choko mutachidula patatu.
Mabuku anali khumi, mitu yosawerengeka,
Mawu anu okha ndiwo anakwanira aliyense.
Mvula ikagwa tinkathawira m'khonde la tchalitchi,
Ikakata, "Tiyeni, tinalekera pa ma me mi mo mu."

Masamu munatiphunzitsa ndi zitsekerero za mabotolo,
Ndi timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi,
Ndi nthanga za bwemba zimene theka tinkabisa m'thumba.
Munkafunsa, "Bambo ako agwira utaka 9, mphaka waba 4, watsala ungati?"
Mnzanga wina, ali pompano sindimutchula, anayankha,
"Mphakayo timupha, madamu."
Munaseka mpaka misozi, kenaka munamupatsa timitengo awerenge.
Lero ndi amene amasunga ndalama za banki m'khonde m'mudzi muno.

Mliri wa kuno si ulesi, ndi nyanja.
Mwezi ukalowa mumdima, usipa ukagwa,
Mabenchi a anyamata ankatsala okhaokha.
Mwana wa zaka 8 wakokako chilimira, wapatsidwa yake ya mandasi,
Sukulu aionanso ngati chiyani?
Inu simunatume kalata, munkapita nokha kudooko,
Nsapato m'manja, rejisitala m'khwapa,
Kuitana maina pakati pa matchera ndi zithandala za usipa
Ngati muli m'kalasi.
Asodzi ankang'ung'udza, "Amayi awa atithera antchito."
Asodzi omwewo lero akafuna kuwerenga uthenga wa ndalama pafoni
Amaitana mwana amene munawalanda.

Atsikana, imirirani, muchitire umboni.
Ndani anagogoda pakhomo pa ankhoswe mtsikana atapalidwa kale ubwenzi,
Nati, "Mwanayu ndi wanga, sanamalize"?
Ndani anauza wochembeza msanga kuti lamulo likulola kubwerera,
Khanda alisiye kwa agogo, yunifomu asoketsa okha?
Mmodzi mwa iwo ndi namwino, wakubayani jakisoni ambiri muno.

Musaganize kuti anali wofewa ngati papaya.
Diso la Anabanda linkaimitsa ndewu kutsidya kwa bwalo la mpira.
Kandodo kawo kankaloza zilembo pabolodi,
Masiku ena kankalozanso kwina, tisanamizane,
Koma wolira ndi kandodoko ankapezeka madzulo pakhomo pawo
Akudya chinangwa chophika, akubwereza zomwe zinamukanika.

M'njala ya 2002 ana ankagona m'kalasi masana,
Inu munkabwera ndi chikho cha thobwa chobisa m'dengu.
Malipiro ankachedwa, mwezi n'kulowa mu unzake,
Munkakongola sopo pagolosale ya amene munamuphunzitsa kuwonkhetsa.
Denga la nyumba yanu linkadontha, mabuku a ana munkawafunditsa pulasitiki,
Bulangeti lanu n'kumanyowa.
Mu 2020 Kolona atatseka zitseko za sukulu,
Munkayenda m'midzi, kansalu kukamwa,
Kufunsa ngati ana akukumbukirabe kulemba maina awo.

Kalasi mwanu munkakhala Yusufu ndi Yosefe benchi limodzi,
Wa kumzikiti, wa ku Angilikani, mwana wa kudambwe,
Mchewa, Mtonga, Myao, onse munkati "ana anga".
Lachisanu munkadziwa otuluka msanga kukaswali,
M'mwezi wa Ramadani simunkatuma wosala kukatunga madzi.

Tsono taonani kumene afika.
Ena akuyeza nzimbe ku Dwangwa,
Ena akulondera njovu m'nkhalango ya Nkhotakota,
Zija anazibweretsa pamalole kuchokera ku Liwonde ndi Majete.
Ena ali ku Joni, atumiza moni ndi bulangeti.
Ena akuyendetsa minibasi pamsewu wa Salima,
Ndipo ndamva kuti mukakwera salandira ndalama yanu.
Atatu ndi aphunzitsi pasukulu pompano,
Mmodzi wavomera kutenga Sitandade 1, mumupempherere.
Ambiri tili konkuno, tikulima, tikuwedza,
Koma pepala la kuchipatala timawerenga tokha,
Pachisankho sitifuna wotigwira dzanja,
Wogula mpunga sangatibere pasikelo.

Zaka 60 zakwana, boma lati pumulani.
Ife sitikutsutsa, tikungodandaula.
Mawu aja asasa ndi fumbi la choko,
Maondo atopa ndi kugwada pambali pa ana.
Kagoneni mpaka dzuwa litakwera, belu lisakukhudzeni.
Penshoni ibwere miyendo ikadali yolimba,
Akuluakulu muli pano, mwamva, ndanena pagulu.

Koma ndikuchenjezeni, Anabanda, kwanu kumtunda musapite.
Munda wa mpunga amfumu apereka, njerwa makolo aumba,
Ndipo mdzukulu wanga wagwira khutu chaka chino,
Madzulo azibwera pakhonde panu ndi kope.

Amayi, nthungululu zili kuti?
Anyamata a malipenga, konzani zitoliro, ng'oma ilire!
Aliyense amene anaphunzira a e i o u pamaso pa mayi awa,
Aimirire, abwere kuno ndi mphatso yake,
Tifole pamzere monga ankatifoletsera,
Aafupi kutsogolo, aatali kumbuyo,
Ndipo wokankha mnzake, Anabanda akukuona.